VPN yalemba "Connected" koma mukuonekabe: kuyeza ndi kukonza kudontha kwa DNS ndi WebRTC

Pali chinthu chimene chimazunguza mutu anthu ambiri amene angoyamba kugwiritsa ntchito VPN. Munthu wayatsa pulogalamu, yalemba kuti "Connected", webusayiti yoonetsa adiresi ikuti ali ku Amsterdam. Kenako mnzake akumuuza kuti ayesere pa dnsleaktest.com, ndipo pasikirini pakutulukira mbendera ya Malawi ndi dzina la kampani yomweyo imene anagulako bandulo. Ena amangoti VPN ndi yabodza n'kuichotsa. Enanso amaona dzina la Google kapena Cloudflare n'kuchita mantha pomwe palibe cholakwika.

Mawu akuti "Connected" amangotanthauza kuti foni kapena kompyuta yanu yalumikizana ndi seva ya VPN. Sakulonjeza kuti chilichonse chotuluka m'chipangizocho chikudutsa mmenemo. Zimene zikulambalala VPN ndi zimene timati zadontha, ndipo malo awiri amene kumadontha kawirikawiri ndi DNS ndi WebRTC.

## Mabowo awiri, oululira anthu osiyana

Makompyuta sadziwana ndi mayina. Amadziwana ndi manambala otchedwa adiresi ya IP. Mukalemba wikipedia.org, chipangizo chanu chimayamba chafunsa seva ina kuti, dzina ili nambala yake ndi iti? Dongosolo lofunsa ndi kuyankhali ndiye DNS. Mukalumikiza pa WiFi kapena pa data ya foni, netiwekiyo imakupatsani yokha seva ya DNS yoti muzifunsako, ndipo nthawi zambiri imakhala ya kampani yanu ya intaneti. Mafunsowa mwachizolowezi amayenda osabisidwa, pa doko nambala 53.

Taganizirani munthu amene wakwera galimoto ya magalasi akuda kuti asadziwike kumene akupita, koma pamphambano iliyonse akutsitsa galasi n'kufunsa akabaza apasiteji njira ya kwa uje. Zimene wanyamula palibe waziona, koma ulendo wake wonse akabaza akuudziwa. Kudontha kwa DNS n'kotero. Masamba amene mukuwerenga akudutsa mu VPN, koma mayina a mawebusayiti onse amene mwatsegula, ndi nthawi imene munawatsegula, akufika kwa kampani ya netiweki kapena kwa mwini WiFi ya pa loji pamene mwagona.

WebRTC ndi nkhani ina. Ndi luso la mu bulawuza limene limatheketsa kuimbirana mawu ndi vidiyo popanda kuika pulogalamu yapadera, monga zimachitikira pa Google Meet kapena Jitsi Meet. Kuti mawu asamachedwe, mabulawuza awiri amayesetsa kulumikizana mwachindunji, ndiye aliyense ayenera kudziwa adiresi imene akuonekera nayo pa intaneti. Bulawuza imafunsa seva yotchedwa STUN kuti, mukundiona ndikuchokera pa adiresi iti? Yankho lake tsamba limene mwatsegula likhoza kuliwerenga kudzera mu JavaScript, osakupemphani chilolezo. Ngati funso la STUN latuluka kunja kwa VPN, tsambalo ladziwa adiresi yanu yeniyeni. Vutoli linatchuka mu 2015, ndipo ngakhale mabulawuza asintha zambiri kuchokera nthawi imeneyo, silinatheretu.

Ndiye kusiyana kwake n'kumeneku: DNS ikadontha, kampani ya netiweki imadziwa kumene mukupita. WebRTC ikadontha, webusayiti imadziwa kumene mukuchokera. N'chifukwa chake muyenera kuyeza zonse ziwiri, pakuti china chikhoza kukhala bwino chinzake chikudontha.

## Yambani kuyeza VPN ili yozima

Apa m'pamene ambiri amaphonya. Amayatsa VPN, kutsegula tsamba loyezera, n'kumayang'ana manambala amene sakudziwa ngati ndi awo kapena a eni ake. Simungazindikire adiresi yanu ikatulukira ngati simunaionepo.

Zimitsani VPN kaye. Tsegulani ipleak.net kapena browserleaks.com/ip ndipo lembani penapake zinthu zitatu: adiresi yanu ya IPv4, imene imakhala manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho, adiresi ya IPv6 ngati ilipo, imene ndi yaitali, yosakaniza manambala ndi zilembo, ndi mayina a makampani amene akuoneka pa gawo la DNS. Ngati muli pa data ya foni ku Malawi kuno, mungayembekezere kuona dzina la Airtel kapena TNM penapake pa mndandandawo. Chitani izi nthawi yomweyo imene mukufuna kuyeza, osati dzulo lake, chifukwa adiresi ya pa data ya foni imasinthasintha.

Tsopano yatsani VPN, tsekani bulawuza n'kuitsegulanso. Pa Windows ndi bwino kufufuta mayankho akale amene kompyuta yasunga:

```
ipconfig /flushdns
```

Pitani pa dnsleaktest.com ndi kusankha "Extended test" m'malo mwa "Standard test". Kuyeza kwakutaliko kumafunsa mafunso ambiri, motero kumagwira ngakhale seva imene imangofunsidwa mwa apo ndi apo.

N'kothandiza kudziwa mmene tsambali limagwirira wakuba. Limauza bulawuza yanu kuti ifufuze mayina ongopeka, achilendo, amene palibe seva ina iliyonse padziko ingakhale itawasunga. Seva ya DNS imene mwafunsa imakakamizika kukafunsa kwa eni tsambalo, ndipo iwo amangolemba adiresi ya amene wabwera kudzafunsa. Choncho chimene mukuona pasikirini si nambala imene inalembedwa mu kompyuta yanu, koma seva yomaliza imene inakafika kwa iwo. Munthu amene anaika 8.8.8.8 saona 8.8.8.8 pa zotsatira. Amaona maadiresi ena angapo a Google, ndipo zimenezo si vuto.

## Kuwerenga zimene zatuluka

Tiyerekeze laputopu ya Windows 11 yolumikizidwa pa kachipangizo ka MiFi ku Lilongwe, ikugwiritsa ntchito pulogalamu ya VPN yotchedwa OpenVPN kupita ku seva ya ku Amsterdam. Manambala ali m'munsiwa ndi achitsanzo chabe. VPN ili yozima, adiresi inali 203.0.113.45, ndipo DNS inaonetsa maseva awiri a kampani ya netiweki, mbendera ya Malawi. VPN itayatsidwa, adiresi yasanduka 198.51.100.20 ya ku Netherlands. Mpaka apa zili bwino. Koma "Extended test" yatulutsa mizere itatu: umodzi wa kampani ina ya maseva ku Netherlands, iwiri ya kampani yomwe ija ya ku Malawi.

Uku ndi kudontha kosakayikitsa. Mzere wa ku Netherlands ukusonyeza kuti VPN inapereka DNS yake ndipo ikugwira ntchito, koma mizere iwiri ija ikusonyeza kuti kompyuta ikufunsanso kwina. Ngakhale utakhala mzere umodzi wokha pakati pa khumi, kudontha kulipo.

Dzina lachilendo la ku Netherlands lisakudabwitseni. Makampani ambiri a VPN amachita lendi maseva, ndiye dzina looneka limakhala la mwini nyumba ya maseva, osati la VPN imene munalipira. Chofunika n'chakuti dziko likugwirizana ndi seva imene munasankha, ndipo dzinalo silinali pa mndandanda wanu woyamba uja.

Zovuta kuweruza zimabwera pamene zotsatira zikuonetsa Google kapena Cloudflare. Pali njira zitatu zimene zimenezi zingachitikire. Mwina VPN yanu imatumiza yokha mafunso kumeneko, kudzera mkati mwake. Mwina bulawuza yanu ili ndi DNS yakeyake yobisidwa, imene mu Chrome imatchedwa "Use secure DNS" ndipo mu Firefox "DNS over HTTPS". Pamenepa mafunso akudutsa mu VPN, kampani ya netiweki sikuwaona, kungoti akukathera kwa kampani ina osati ya VPN. Ena zimawasangalatsa, ena ayi. Njira yachitatu ndiyo yoipa: rauta yanu inakonzedwa kale kuti izifunsa kwa Google, ndipo kompyuta ikufunsabe rautayo kunja kwa VPN. Ngati Google yemweyo, wa dziko lomwelo, analiponso pa mndandanda woyamba, kayikirani. Zimitsani DNS ya mu bulawuza n'kuyezanso. Pa Android chitani chimodzimodzi ndi "Private DNS", imene inabwera ndi Android 9.

Amene akufuna umboni wosatsutsika asadalire webusayiti. Angoyang'ana zimene zikutuluka pa WiFi yeniyeniyo. Pa Linux:

```
sudo tcpdump -ni wlan0 port 53
```

M'malo mwa `wlan0` ikani dzina la WiFi ya pa kompyuta yanu. Tsegulani mawebusayiti angapo VPN ili yoyaka. Ngati mayina awo akuyenderera pasikirini, akutuluka poyera. Pa Windows pulogalamu ya Wireshark imachita zomwezi mukasankha WiFi ndi kulemba `dns` posefera.

## Chifukwa chake Windows amafunsa kuwiri, ndi mmene mungamuletsere

Kuyambira pa Windows 8, Microsoft anaika khalidwe lakuti kompyuta ikakhala ndi malumikizidwe angapo, ikhoza kutumiza funso la DNS ku onse kuti yankho libwere msanga. VPN imaoneka ngati lumikizidwe lachiwiri pambali pa WiFi. Ndiye mu chitsanzo chathu chija funso limodzi likupita ku Amsterdam, linzake likupita ku MiFi imene ili patebulo pomwepo. MiFi ili pa netiweki ya m'nyumba, pa adiresi ngati 192.168.8.1, ndipo VPN zambiri zimasiya njira ya m'nyumbayi yotsegula kuti muzitha kufikira pulinta. Funso limadutsa pamenepo, MiFi n'kulipititsa kwa kampani ya netiweki.

Ngati mukugwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani ya VPN, yambani mwayang'ana mu "Settings" ngati muli batani lolembedwa "DNS leak protection" kapena mawu ofanana nawo, ndipo onetsetsani kuti simunalembemo DNS yanuyanu n'kuiwala. Ngati muli ndi fayilo ya `.ovpn`, itseguleni mu Notepad ndi kuonjezera mzere uwu:

```
block-outside-dns
```

Mzerewu umagwira pa Windows pokha. Umauza OpenVPN kuti itseke doko 53 pa malumikizidwe ena onse nthawi imene VPN yayaka. Ndi mankhwala abwino chifukwa VPN ikazima, chotsekacho chimachoka chokha. Koma samalani: ngati seva ya VPN sinakupatseni DNS iliyonse, mukatseka yakunja mutsala opanda pofunsa. Chizindikiro chake n'chodziwika. VPN ikuti yalumikiza, `ping 1.1.1.1` ikuyankha, koma palibe webusayiti ikutseguka. Zikatero onjezerani mzere wina:

```
dhcp-option DNS 10.8.0.1
```

Nambala iyi ndi chitsanzo. Imagwira pokhapokha ngati pa seva ya VPN pali DNS imene ikumvetsera pa adiresi imeneyo. Funsani amene amayang'anira sevayo, apo ayi ikani DNS ya aliyense ngati 1.1.1.1 kapena 9.9.9.9, imene idzafikiridwa kudzera mkati mwa VPN.

Malangizo ambiri amatchula zotsegula `gpedit.msc` n'kuyatsa "Turn off smart multi-homed name resolution". Zimathandiza, koma chida chimenechi mulibe mu Windows Home, yomwe ndi imene imabwera m'malaputopu ambiri apanyumba, komanso chimangosintha khalidwe la Windows osatseka khomo lenilenilo. Ine ndimaona kuti kutseka doko n'kodalirika kuposa.

Kwa amene akugwiritsa ntchito WireGuard, mtundu wina wa VPN, mizere iwiri ya mu fayilo yake ndi imene imaweruza nkhani yonse:

```
[Interface]
DNS = 10.0.0.1

[Peer]
AllowedIPs = 0.0.0.0/0, ::/0
```

Mzere wa `DNS` ukasowa, chipangizo chimapitiriza kufunsa kumene chinkafunsa kale. `AllowedIPs` imanena zimene ziyenera kulowa mu VPN, ndipo manambala awiriwo akutanthauza zonse za IPv4 ndi zonse za IPv6. Pa Windows, fayilo ikakhala yotere pamaoneka kabokosi ka "Block untunneled traffic (kill-switch)", kamene kamakhala kochongedwa kale, ndipo musachotse chongicho. Pa Linux imene imagwiritsa ntchito systemd-resolved, monga Ubuntu, lembani `resolvectl status` ndi kuona ngati pa lumikizidwe la VPN pali chizindikiro cha `~.` pa mzere wa "DNS Domain". Chizindikirocho chimatanthauza kuti mayina onse afunsidwe kumeneko. Ngati palibe:

```
sudo resolvectl domain wg0 "~."
```

M'malo mwa `wg0` ikani dzina la lumikizidwe la VPN yanu. Lamuloli limaiwalika VPN ikazima, ndiye mukaona kuti lathandiza muliike mu fayilo ya VPN kuti lizichitika lokha.

## Kuyeza WebRTC

VPN ili yoyaka, tsegulani browserleaks.com/webrtc. Muona magawo awiri ofunika, "Local IP Address" ndi "Public IP Address". Funso ndi limodzi: kodi adiresi imene munalemba poyamba ija, 203.0.113.45 mu chitsanzo chathu, ikuoneka paliponse? Ngati "Public IP Address" ikuonetsa 198.51.100.20 ya ku Netherlands, WebRTC ikugwira ntchito koma ikudutsa mu VPN. Palibe chokonza.

Pa gawo la "Local" m'pamene anthu amadzidzimuka pachabe. Adiresi yoyamba ndi 192.168, kapena 10, kapena 172.16 mpaka 172.31, ndi ya m'nyumba, ndipo mamiliyoni a nyumba padziko ali ndi manambala omwewo. Singauze munthu dziko kapena kampani yanu. Masiku ano mabulawuza akuluakulu amaibisanso, n'kuikapo dzina lalitali losamveka lothera ndi `.local`. Yoyamba ndi `fe80` ndi ya IPv6 ya m'nyumba, nayonso yosaopsa. Koma IPv6 yoyamba ndi 2 kapena 3 ndi yapoyera. Ikafanana ndi imene munalemba VPN isanayake, ngakhale chiyambi chake chokha, mwaululika.

Pali kuyeza kumodzi kumene ambiri sachita. Tsamba likapatsidwa chilolezo cha kamera kapena maikolofoni, bulawuza imamasuka ndipo ikhoza kuyesa malumikizidwe onse a kompyuta, osati lokhalo limene VPN inasankha. Choncho zotsatira zoyera pa tsamba limene mulibe chilolezo sizitsimikizira kuti tsamba limene munalilola kamera likuona zomwezo. Ngati tsamba loyezera lili ndi batani lopempha chilolezochi, lolani kamodzi, yezani, kenako chotsani chilolezocho.

WebRTC ikadontha, gwero lake kawirikawiri ndi limodzi mwa awiri. Loyamba, ndiponso lofala kwambiri, ndi "VPN" yaulere yoikidwa mu bulawuza ngati ekisitenshoni. Zambiri mwa izi si VPN zenizeni. Zimangopatutsa masamba kuti adzere pa seva ina, pamene funso la STUN limayenda pa UDP, njira imene izo sizigwira, ndiye limatuluka mwachindunji. Lachiwiri ndi IPv6: VPN imanyamula IPv4 yokha, netiweki yanu ili ndi zonse ziwiri, ndipo IPv6 ikungodutsa pambali. Apa si WebRTC yokha imene ikudontha. Webusayiti iliyonse yokhala ndi IPv6 ikukuonani, ndipo ipleak.net ikuonetsani zimenezo pamwamba penipeni.

## Kukonza WebRTC popanda kuwononga misonkhano ya pa vidiyo

Yambirani kumene vuto lachokera. Ngati ndi ekisitenshoni, ikani pulogalamu ya VPN ya chipangizo chonse, ndipo nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Ngati ndi IPv6, gwiritsani ntchito `::/0` uja pa WireGuard, kapena batani la IPv6 mu pulogalamu ya VPN. Zikakanika, pa Windows tsegulani `ncpa.cpl`, lowani mu "Properties" ya WiFi ndi kuchotsa chongi pa "Internet Protocol Version 6 (TCP/IPv6)".

Kukhudza bulawuza kubwere pambuyo. Mu Firefox lembani `about:config` pamalo a adiresi, ndipo pali zosankha ziwiri:

```
media.peerconnection.ice.default_address_only = true
media.peerconnection.enabled = false
```

Yoyamba imauza WebRTC kuti igwiritse ntchito njira yokhayo imene masamba ena onse akudzera, ndipo kuimba kumagwirabe. Imathandiza pamene muli ndi VPN ya chipangizo chonse. Yachiwiri imazimitsiratu WebRTC. Palibe chingadonthe, koma Google Meet ndi zinzake zisiya kugwira mu bulawuza imeneyo, ndipo pakapita miyezi munthu amaiwala n'kumadandaula kuti maikolofoni yafa. Ena amasunga bulawuza imodzi yozimitsidwa ya zachinsinsi, ina ya misonkhano.

Chrome ilibe batani lozimitsira WebRTC mu "Settings". Pamafunika ekisitenshoni, monga WebRTC Network Limiter imene Google anatulutsa. Pa Chrome ya Android simungaike ekisitenshoni n'komwe, ndiye kumeneko chitetezo chonse chili pa VPN ya foni yonse. Brave ili nalo batani lake, "WebRTC IP handling policy", pomwe "Disable non-proxied UDP" ndiyo yokhwima kwambiri, ngakhale ikhoza kuchedwetsa mawu pa kuimba.

## Zimene kuyeza kamodzi sikungakuuzeni

Mukasintha chinthu chimodzi, zimitsani VPN, yatsaninso, yezaninso. Mukasintha zinayi nthawi imodzi intaneti n'kusiya kugwira, simudziwa chobweza.

Zotsatira zoyera zimanena za mphindi imeneyo, pa netiweki imeneyo, mu bulawuza imeneyo. Kudontha kwambiri kumachitika pa nthawi yosintha: laputopu ikadzuka kutulo, magetsi akathima rauta n'kuzima foni n'kulumphira pa data, kapena netiweki ikagwa kwa masekondi ochepa. VPN imatenga kanthawi kuti ilumikizenso, ndipo mapulogalamu sadikira. Yesani dala. Siyani ipleak.net yotsegula, zimitsani WiFi, yatsaninso, ndipo nthawi yomweyo tsitsimutsani tsambalo kangapo. Ngati adiresi yanu yeniyeni yaoneka ngakhale kamodzi, mukufunika chotseka intaneti VPN ikagwa, chimene m'mapulogalamu chimalembedwa "Kill switch". Pa Android chili mu foni momwemo: pa "VPN", dinani kagiya ka pulogalamu yanu, yatsani "Always-on VPN" ndi "Block connections without VPN". Dziwani kuti zikayaka, masamba olowera pa WiFi ya pa hotelo kapena pa bwalo la ndege satseguka mpaka mutazimitsa kaye.

Palinso msampha umene umakhudza ambiri kuno, popeza intaneti ya pa laputopu nthawi zambiri imachokera pa hotisipoti ya foni. VPN yoyaka pa foni siteteza laputopu imene yalumikiza pa hotisipotiyo. Foni imapititsa zonse za laputopu ku netiweki mwachindunji, DNS ndi zina zonse, ngakhale kachizindikiro ka kiyi kakuoneka pamwamba pa sikirini ya foni. Mukayeza pa foni zonse zioneka bwino, mukayeza pa laputopu mupeza adiresi ya ku Malawi ili poyera. VPN iyenera kuikidwa pa laputopu pomwepo, ndipo kuyeza konse kuchitikire pa chipangizo chimene mukugwiritsa ntchito.